Kujambula ndi droni m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Droni ndi kandege kokhala ndi kamera komwe amakayendetsa munthu ali pansi. Chimodzi mwa zinthu zomwe zingagwetse droni m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ndi batire lothera m'malere chifukwa cha mphepo.

Asanaulutse, wojambula ayang'ane batire. Likakhala lotupa kapena long'aluka, alisiye. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kumafooketsa batire, pomwe mphepo ya mwera imaomba mwamphamvu pamwamba pa zitunda ngakhale pansi pali bata.

Mwachitsanzo, droni ikamathamanga mamita 10 pa sekondi, mphepo n'kumaikankha ndi liwiro la mamita 5, imayenda mamita 900 m'mphindi imodzi. Pobwerera imalimbana ndi mphepoyo ndipo ulendo womwewo umatenga mphindi zitatu. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ulendo molunjika komwe mphepo ikuchokera, kuti pobwerera ikhale ikukankha droniyo.

Malamulo a zouluka ali m'manja mwa bungwe la Malawi Civil Aviation Authority, ndipo wojambula ayenera kupempha chilolezo kumeneko asanayambe ntchito. Bwalo la ndege la Kamuzu lili ku Lumbadzi, kufupi ndi madera ena a Dowa, choncho droni isayandikireko.

Droni isadutsenso pamwamba pa khamu, monga pamsika wa Mponela kapena pamsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, chifukwa ikagwa mapiko ake amacheka. Wojambula aime pambali n'kulozetsa kamera komwe kuli anthuwo.