Kutsika Mtengo

Akauntanti akamanena za kutsika mtengo, sakunena mtengo wa mango kapena mtengo wa chimanga pa msika. Akunena ndalama zimene galimoto kapena makina amataya chaka ndi chaka chifukwa chokalamba ndi kugwira ntchito.

Tinene kuti mwagula chigayo pa K10,000,000, ndipo chimatsika ndi 20 peresenti pachaka. Chaka choyamba muchotsa K2,000,000, kutsala K8,000,000. Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Chaka chachiwiri 20 peresentiyo siichokeranso pa mtengo wogulira, koma pa K8,000,000 yotsalayo, ndiye muchotsa K1,600,000 yokha, kutsala K6,400,000. Chaka chachitatu chikamatha chigayocho chili pa K5,120,000.

Njira yachidule ndiyo kuchulukitsa mtengo wogulira ndi 0.8 katatu, poti chaka chilichonse pamatsala 80 peresenti. Amene amangochotsa K2,000,000 chaka chilichonse amapeza K4,000,000, ndipo pofika zaka zisanu chigayo chake chilibe mtengo, chikugayabe mgaiwa!

Komatu mtengowu ndi wa m'mabuku. Kwacha ikagwa, chigayo chakalecho mukhoza kuchigulitsa ndalama zoposa zimene munagulira.