Kiyi Amene Sayenda pa Intaneti

Adiresi ya webusaiti ikayamba ndi `https`, bulauza ndi seva zimayamba zapangana kiyi wobisira uthenga zisanatumizirane chilichonse. Kupanganaku nthawi zambiri kumatsata ndondomeko ya TLS 1.3, yomwe inakhazikitsidwa mu 2018. Chodabwitsa n'chakuti zimapangana poyera, aliyense wotchera khutu panjira akumva, koma kiyiyo satumizidwa konse. Mbali iliyonse imadziwerengera yokha.

Bulauza ndiyo imayamba, ndi uthenga wotchedwa `ClientHello`. M'menemo imatchula njira zobisira zimene imadziwa, n'kuikamo gawo lake la kiyi, `key_share`. Seva imayankha ndi `ServerHello`, momwe imasankha njira imodzi n'kuperekanso gawo lake. Magawowa amachokera ku manambala achinsinsi amene mbali iliyonse yasankha mwachisawawa n'kudzisungira.

Nzeru imeneyi anaifalitsa Whitfield Diffie ndi Martin Hellman mu 1976. Tiyese ndi manambala ang'onoang'ono. Mbali zonse ziwiri zagwirizana poyera pa 2 ndi 13. Bulauza yasunga 5, seva yasunga 4. Chizindikiro cha `mod` chikutanthauza chotsala tikagawa ndi 13.

```
bulauza: 2^5 mod 13 = 6
seva:    2^4 mod 13 = 3
bulauza: 3^5 mod 13 = 9
seva:    6^4 mod 13 = 9
```

Bulauza yatumiza 6, seva yatumiza 3, ndipo iliyonse yapeza 9. Kazitape waona 2, 13, 6 ndi 3 basi. Pamanambala ochepa ngati awa akhoza kuyesa limodzi limodzi mpaka kupeza 5, koma njira zenizeni monga `X25519` zimagwiritsa ntchito manambala a mabaiti 32, omwe makompyuta a lero sangathe kuwayesa onse. Pa chinsinsi chogawanacho m'pamene pamapangidwa makiyi angapo: wina wobisira zochokera ku bulauza, wina wobisira zochokera ku seva.

Komabe masamuwa sanena kuti mnzako wapangana nayeyo ndani. Wakuba akhoza kuima pakati n'kupangana ndi mbali zonse ziwiri. Apa m'pamene satifiketi imalowerera. Seva imatumiza satifiketi yokhala ndi dzina la webusaiti ndi kiyi wake wapoyera, yosainidwa ndi bungwe limene bulauza imalikhulupirira. Kenako, mu `CertificateVerify`, imasaina mauthenga onse amene adutsa ndi kiyi wake wachinsinsi. Wakuba akhoza kukopera satifiketi, koma siginechayo sangaipange.

Choncho kiyi wa satifiketi ndi wotsimikizira mwini, osati wobisira uthenga. Manambala osankhidwa aja amatayidwa akagwira ntchito, kotero ngakhale kiyi wa seva atabedwa chaka chamawa, zimene munatumiza lero sizingatsegulidwe nawo.

Cholakwika cha satifiketi chimaonekera pasikirini. Chrome ikalemba `NET::ERR_CERT_DATE_INVALID`, satifiketi yatha nthawi kapena wotchi ya foni yanu yasokonekera. Yambani mwayang'ana tsiku ndi nthawi. Ngati zili bwino koma chenjezo likadalipo, musalembe pasiwedi patsamba limenelo.