Ndandanda wa msinkhu wa ngongole: masiku 30, 60 ndi 90

Ndandanda wa msinkhu wa ngongole ndi pepala loonetsa ndalama zimene ogula sanabweze, ndiponso masiku amene ngongole iliyonse yatha. Buku la ngongole limangokuuzani kuti uje ali ndi ngongole yakuti. Ndandanda uwu umakuuzani ngongole imene yakalamba, imene mwina simudzaionanso.

Magulu anayi

Jambulani mizere inayi yotsika. Woyamba ndi wa masiku 0 mpaka 30, waciwiri 31 mpaka 60, wacitatu 61 mpaka 90, ndipo wacinayi ndi wa ngongole zopitirira masiku 90. Masikuwo muwerenge kuyambira tsiku limene munthu anatenga katundu kufika tsiku limene mukulemba ndandanda.

Citsanzo

Tinene kuti muli ndi loja ku Ulongwe, ndipo lero ndi 30 Juni.

Wogula woyamba anatenga sopo wa mametikali 2000 pa 15 Juni. Papita masiku 15, ndiye alowa m'gulu loyamba.

Waciwiri anatenga kawiri: mafuta a 3000 pa 10 Meyi, ndi shuga wa 1000 pa 20 Juni. Ngongole ya mafuta yatha masiku 51, ndiye ili m'gulu laciwiri. Ya shuga yatha masiku 10 okha, ili m'gulu loyamba. Munthu ndi mmodzi, koma ngongole zake mulembe padera padera.

Wacitatu anatenga mpunga wa 4000 pa 20 Malici, ndi ufa wa 1500 pa 15 Epulo. Dzulo wabweza 1500. Ndalamayi muicotse pa ngongole yakale, ya mpunga. Yotsala ndi 2500, ndipo yatha masiku 102. Ya ufa yatha masiku 76.

Tikaphatikiza, gulu loyamba lili ndi 3000, laciwiri 3000, lacitatu 1500, lacinayi 2500. Zonse pamodzi ndi 10 000. Ngati buku lanu la ngongole likupereka nambala ina, pali ngongole imene mwaidumpha kapena mwailemba kawiri.

Kodi ndandanda ukutiuza ciyani?

Pa mametikali 10 000, okwana 4000 apitirira miyezi iwiri, ndipo onsewo ali kwa munthu mmodzi. Ameneyu musamupatsenso katundu kufikira mutapangana tsiku lobweza. Waciwiri mumukumbutse sabata ino, pakuti pakapita masiku 10 ngongole ya mafuta ilowa m'gulu lacitatu.

Cenjerani apa

Munthu akabweza pang'ono, ngongole yotsala siikhala yatsopano ayi. Tsiku lake ndi lakale lomwe lija. Mukalemba tsiku la dzulo, ngongole ya masiku 102 ioneka ngati ya tsiku limodzi, ndipo mudzinamiza nokha.

Komanso, ngati munapangana ndi mlimi kuti adzabweza akakolola mbatatesi, ngongole yake si yocedwa tsikulo lisanafike. Lembani tsiku la panganolo pambali pa dzina lake. Ndandanda watsopano muzilemba kumapeto kwa mwezi uliwonse, n'kuuyerekeza ndi wa mwezi watha.