Kusankha buloka wa pa intaneti ku Zambia

Buloka wa pa intaneti ndi kampani imene imagulira ndi kugulitsira munthu masheya, mabondi kapena ndalama zakunja kudzera pa foni kapena kompyuta. Ku Kamwala mumzinda wa Lusaka, kumene amalonda ambiri amaoda katundu kunja ndipo mtengo wa dola amaudziwa pamtima, mabuloka otere amadziwika kwambiri kudzera m'magulu a WhatsApp. Chinthu choyamba kufufuza ndi dzina lenileni la kampani imene idzasunge ndalamazo, chifukwa zina zonse zimatsatira pamenepo.

Chilolezo

Ku Zambia, amene amapereka chilolezo cha malonda a masheya ndi Securities and Exchange Commission, motsatira lamulo la Securities Act la 2016. Kampani yogula masheya pamsika wa Lusaka Securities Exchange, umene unayamba ntchito mu 1994, iyenera kukhala ndi chilolezo chimenechi. Satifiketi ya PACRA si chilolezo. Imangosonyeza kuti kampaniyo inalembetsedwa, monga momwe shopu ya nsalu imalembetsera, komabe ambiri onyenga ndi imene amaionetsa.

Mabuloka ambiri osinthanitsa ndalama zakunja ali kunja kwa dziko, ndipo apa mpamene anthu amapusitsika. Dzina limodzi likhoza kukhala ndi makampani angapo: ina ku Britain yoyang'aniridwa ndi FCA, ina ku Cyprus pansi pa CySEC, ina ku Seychelles. Patsamba amaonetsa zilolezo zonse, koma wa ku Lusaka kawirikawiri amamulembetsa ku kampani ya kuzilumba ngati Seychelles, kumene malamulo ndi ofewa. Dzina la kampani imene mwagwirizana nayo limalembedwa m'chikalata cha mgwirizano ndi kumunsi kwa tsamba. Tengani dzinalo ndi nambala ya chilolezo, mukazifufuze m'kaundula wa bungwe loyang'aniralo, osadzera pa linki imene bulokayo wakupatsani. Kampani yolembetsedwa ku St Vincent and the Grenadines ilibe woiyang'anira pa malonda amenewa, ndipo bungwe la zachuma la kumeneko linanena lokha kuti silipereka chilolezo chotero.

Chitetezo cha ndalama

Buloka wovomerezeka amasunga ndalama za makasitomala mu akaunti yosiyana ndi ya kampani, kuti ikagwa angongole asazilande. Ku Britain thumba la FSCS limabwezera munthu mpaka mapaundi 85,000, ndipo la ku Cyprus mpaka mayuro 20,000. Koma zimenezi zimakhudza makasitomala a kampani za kumeneko zokha, ndipo sizibweza zimene munthu waluza pamalonda. Masheya ogulidwa pamsika wa Lusaka amalembedwa ku nkhokwe ya msikawo, choncho funsani chikalata chosonyeza kuti ali m'dzina lanu.

Zolipira

Mawu akuti "palibe komishoni" satanthauza kuti ndi zaulere. Buloka amadya pa sipuredi, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Tiyerekeze wamalonda waika madola 200 ndipo akuchita malonda a EUR/USD pa loti 0.1, amene ndi mayuro 10,000. Pamenepo pipi imodzi ndi dola imodzi. Ngati sipuredi ndi mapipi 1.5, amalipira dola imodzi ndi theka nthawi iliyonse akatsegula malonda. Akamatsegula kanayi patsiku kwa masiku 20, ndiye kuti watsegula ka 80, ndipo madola 120 apita, kuposa theka la mpamba wake, msika usanamudyere kanthu. Palinso ndalama yogonetsera malonda usiku, ndi imene imatayika posintha kwacha kupita ku dola, kenako pobwerera.

Kutulutsa ndalama

Kuika ndalama kudzera pa Airtel Money kapena MTN kumatenga mphindi zochepa, koma buloka amadziwika potulutsa. Ikani zochepa, dikirani pang'ono, ndipo tulutsani gawo lina musanaonjezere. Kukufunsani chiphaso ndi umboni wa kumene mukukhala n'kwachilungamo, monganso kubweza ndalama kudzera njira imene zinabwerera. Zokayikitsa ndi kuuzidwa kutumiza ndalama ku nambala ya munthu, kapena kulipira "msonkho" musanatulutse, pomwe buloka weniweni amangodula pa zimene zili mu akaunti. Bonasi nayo imamanga ndalama, chifukwa nthawi zambiri simungatulutse mpaka mutachita malonda ochuluka.

Kulandira kamodzi sikutsimikizira kuti zonse zili bwino. Mirror Trading International ya ku South Africa inkalipira anthu oyamba ndi ndalama za obwera pambuyo, mpaka inagwa mu Disembala 2020, bungwe loyang'anira la kumeneko la FSCA litachenjeza kale kuti inalibe chilolezo.