Golide Wolowa M'nkhokwe za Maboma

Mu 1999 mtengo wa golide unatsika kufika pafupifupi madola 250 pa aunsi, pomwe mabanki aakulu a maboma, makamaka a ku Ulaya, ankagulitsa wa m'nkhokwe zawo. Kuyambira 2010 anayamba kugula wochuluka kuposa wogulitsa, ndipo mu 2022 mokha anagula matani oposa 1,000. Golide wotere amakhala zaka zambiri osabwerera pamsika, n'chifukwa chake mtengo wake sugwa chisawawa.

Komatu mzati wochirikiza golide suchirikiza ndalama. Mu Epulo 2024 banki yaikulu ya Zimbabwe inatulutsa ZiG, ndalama yodalira golide. Pofika Seputembala inaichepetsa mphamvu, dola imodzi kuchoka pa ma ZiG pafupifupi 14 kufika pa 24, golide ali mkati mokwera padziko lonse. Wothyola tiyi ku Chipinge amene anasunga malipiro ake mu ZiG anangoona sopo ndi mafuta zikumudulira.