Udindo wa dailekitala pamene mbale wake akugulitsa katundu ku kampani

Dailekitala wa kampani ndi munthu wosungizidwa chuma cha eni, ndipo malamulo amafuna kuti pa chiganizo chilichonse cha bodi aike patsogolo zokomera kampaniyo. M'Malawi muno udindowu umachokera m'lamulo la makampani la 2013, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1984, komanso m'zigamulo zakale za makhothi. Akuluakulu a boma omwe amakhala m'mabodi a makampani a boma chifukwa cha maudindo awo nawonso akukhudzidwa.

Phata la nkhaniyi lidaoneka pa mlandu wa Aberdeen Railway ndi Blaikie Brothers, womwe bwalo lalikulu la apilo ku Britain lidagamula mu 1854. Thomas Blaikie adali wapampando wa bodi ya kampani ya njanji, komanso mmodzi mwa eni bizinesi ya pachibale yomwe idapatsidwa kontirakiti yogulitsa zitsulo zogwira njanji. Kampani itakana kulandira katundu wotsala, bwalo lidaikira kumbuyo kampaniyo. Lidati monga wapampando, Blaikie amayenera kufuna mtengo wotsika, pomwe monga wogulitsa amafuna wokwera, choncho silidalole n'komwe kuti pafufuzidwe ngati mtengowo udali wabwino. Malamulo a masiku ano adafewetsako mfundoyi polola malonda otere ngati dailekitala waulula poyera, koma sadaithetse.

Tiyerekeze kuti kampani ikufuna matayala 200 a galimoto zake. Mlamu wa dailekitala wina wapempha K300,000 pa tayala, pomwe ogulitsa ena awiri apempha K310,000 ndi K325,000. Pongoona, kampani yapindula K2 miliyoni pogula kwa mlamuyo, ndipo ambiri amaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Sichoncho ayi. Funso n'lakuti, kodi mlamuyo adafika bwanji pa mtengo wongotsika pang'ono chotere? Ngati dailekitala adaona mitengo ya enawo tenda isadatsekedwe, kapena adathandiza kulemba mtundu wa matayala ofunika, ndiye kuti mpikisano padalibe. Mwina akadapanda kutsinidwa khutu, mlamuyo akadapempha K280,000, ndipo kampani yataya K4 miliyoni yomwe siidzaoneka m'buku lililonse.

Chofunika choyamba ndi kuulula, ndipo kuchitike dailekitala akangodziwa kuti mbale wake akupikisana nawo, osati kontirakiti itasainidwa kale. Auze bodi dzina la bizinesiyo, chibale chomwe chilipo, kukula kwa ndalama, komanso ngati iye mwini ali ndi masheya kapena adakongozako ndalama kumeneko. Mlembi wa kampani alembe izi m'maminitsi ndi m'kaundula woululiramo zotere. Kunena kuti aliyense amadziwa kale kuti awiriwa ndi pachilamu ndi chitetezo chofooka, pakuti patapita zaka zitatu chomwe maoditala adzapeze ndi zolembedwa zokha.

Ngati dailekitala wotere angaponye nawo voti kapena ayi zimatengera malamulo oyendetsera kampaniyo, koma njira yosasiya chikaiko ndi kutuluka m'chipinda mpaka nkhaniyo itatha, maminitsi n'kuonetsa nthawi yomwe watuluka ndi yomwe wabwerera. Kukhala phee pampando sikokwanira, maka akakhala wapampando, chifukwa ndi ochepa omwe angatsutse katundu wa mlamu wake iye ali pomwepo.

Povuta ndi pa tanthauzo la mbale. Muyezo wa kalembedwe ka chuma wa IAS 24, womwe umalamula makampani kuonetsa malonda otere m'malipoti apachaka, umatchula mwachindunji mkazi kapena mwamuna, ana ndi odalira munthuyo. Mlamu, msuweni kapena mphwake satchulidwa, chonsecho kwathu kuno mwana wa mlongo akhoza kukhala wapafupi kwa malume ake ngati mwana wobala. Kusatchulidwako sikumasula dailekitala, pakuti udindo wa kukhulupirika umayang'ana ngati chibalecho chingapotoze maganizo ake.

Zolakwika zambiri zimabwera kontirakiti itaperekedwa kale. Matayala amafika 180 koma wa kusitolo, poopa bwana, n'kusainira 200. Mlamu amalipidwa m'sabata imodzi pomwe ena akudikira miyezi itatu, kapena oda imagawidwa tizidutswa kuti isafike pa ndalama zofuna chilolezo cha bodi. N'chifukwa chake dailekitalayo ayenera kutalikirananso ndi kulandira katundu ndi kuvomereza malipiro.

Zikadziwika kuti dailekitala adabisa chibalecho, kampani ikhoza kupempha khothi kuti lithetse kontirakiti, kumulamula kubweza phindu lomwe iye adapeza, kapena kulipira zomwe kampani yataya, ndipo eni masheya akhoza kumuchotsa pa udindo. Kuthetsa kontirakiti kumavuta kampani ikachedwa kuchitapo kanthu itadziwa, kapena matayala akakhala kuti adamangidwa kale ku galimoto ndipo sangabwezedwenso.