Mawu oti "zinthu" m'chimangirizo

"Chinthu" ndi dzina lopanda mwini. Limakwana pa khasu, pa njala, pa ulemu, ngakhale pa mvula. Poti limalowa paliponse, silimuuza wowerenga kanthu. Vutoli limakula m'Chichewa chifukwa agwirizanitsi a gulu la Chi-Zi amatha kuyenda okha: wophunzira akalemba kuti "zinachitika" kapena "zimavuta", dzina lenileni labisala kale.

Taonani chiganizo ichi cha m'chimangirizo chokamba za ulimi: "Alimi amasowa zinthu zambiri, choncho zinthu siziyenda bwino." Mawu oti "zinthu" abwera kawiri, koma akuimira zosiyana. Oyambawo afunseni kuti: ziti? Mwina ndi mbewu ya chimanga ndi feteleza. Mwina ndi ng'ombe zolimira, kapena msika wa fodya. Wophunzira ayenera kusankha, ndipo posankhapo m'pamene amazindikira ngati mutuwo akuudziwadi. Achiwiriwo akubisa zotsatira. Chiganizo chokonzedwa chingakhale: "Alimi ambiri amasowa feteleza wobereketsa, choncho chimanga chimachita chikasu n'kubereka zitsononkho zing'onozing'ono." Onaninso kuti mneni wasintha: "siziyenda bwino" wachoka yekha dzina lenileni litangolowa.

Ine ndimaona kuti kusintha "zinthu" n'kuika "zipangizo" kapena "mavuto" sikuthandiza kwenikweni, pakuti funso loti "ziti?" likadalipobe. Mawuwa angatsale pokhapokha ngati mayina akutsatira pomwepo, monga "zinthu zitatu: khasu, chikwanje ndi nkhwangwa". Dzina likakana kubwera m'mutu, wophunzira abwerere ku buku kapena akafunse mlimi asanapitirize ndimeyo.